Simenti Yosowera Pansi pa Selotepi

Lachinayi m'mawa Mayi Mafayilo anapeza a Giyawani atakhala pa benchi ya pakhomo pa chipinda chake, chipewa chili pabondo. Zinali zachilendo. Nthawi ngati imeneyo lole yawo inkakhala itatuluka kale pageti, ikukwawa pa giya wani monga mwa dzina lawo. Okweza katundu ankati munthu wapanjinga akhoza kuwapitirira, kukagula buledi n'kubwerako, iwo asanafike pamphambano.

"Kodi lero lole yadwala, achimwene?"

"Lole ili bwino, chemwali. Werengani."

Kalatayo inali ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi a Manijala. Inkati chaka chatha a Giyawani anayenda maulendo anayi onyamula simenti kupita kumene kunkamangidwa mlatho. Ulendo uliwonse ananyamuka ndi matumba 560, omwe ndi matani 28, koma malisiti a pa sikelo ya kumlathoko akusonyeza kuti ankafikitsa matani 23 okha. Choncho matumba 400 anasowa m'manja mwawo. Aimitsidwa ntchito, ndipo akaonekere ku komiti Lachisanu nthawi ya 9 koloko.

"Makiyi anandilanda dzulo pabwalo," anatero a Giyawani. "Anthu onse akuona. Potuluka mlonda anandipisa m'matumba a jekete. Mlonda amene ndimam'kweza mvula ikamagwa. Ankafuna thumba la simenti m'jekete?"

"Zaka zingati muli pano?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Mkazi wanga sindinamuuze. Ndadzuka ngati masiku onse, wandiikira tiyi m'fulasiki."

Fulasikiyo inali pansi pa benchi, pakati pa nsapato zawo.

Mayi Mafayilo anatsekula chipinda chake. Chinali chipinda chakumapeto kwa khonde, chopanda siling'i, ndipo pofika masana malata ankaotcha ngakhale mashelefu. Mumo anali atakhalamo zaka khumi ndi zisanu, ndipo dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Ntchito yake inali kulandira mapepala a madalaivala, kuwasunga, ndipo chiyambire chaka chino kuwalowetsa mu sikana kuti kompyuta izitola yokha manambala n'kupanga malipoti.

Fayilo ya kumlatho anaipeza pashelefu yachitatu. Atangoitsekula anafwenthera mokwiya.

Malisitiwo anali a pepala lopyapyala losalala lija, lotuluka m'timakina ta pa sikelo ndi ta m'masitolo. Pepala limeneli sililembedwa ndi inki. Lili ndi mankhwala pamwamba, ndipo kamakinako kamangolitentha timadontho tating'ono, potenthedwapo n'kuda. Ndiye limaopa zinthu zambiri: dzuwa, kutentha, mafuta, pulasitiki yofewa, guluu. Zilembo zake zimachoka mwakachetechete. Ndipo malisiti anayiwa anali atakumana ndi pafupifupi zonsezo. Lililonse linali lomatidwa pa pepala lalikulu ndi selotepi kumutu ndi kumunsi, n'kulowetsedwa m'kathumba ka pulasitiki, n'kugona chaka chathunthu pansi pa malata.

Selotepi yakumunsiyo inadutsa ndendende pa mzere wa kulemera kwa katundu. Manambala a mzere umenewo anali akuluakulu, koma pansi pa guluu anangotsala zidutswa. Ndipo kamakina ka kumlathoko kayenera kuti kanali ndi pofooka pena, chifukwa pa lisiti lililonse panali kamzere kotuwa kotsika kuchokera kumutu mpaka kumunsi, kodutsa kumanzere kwa nambala yachiwiri. Nambala 8 ikatha mimba ya kumanzere imasanduka 3. Kompyuta inaona 3, inalemba 3, osafunsa munthu.

Lamulo la selotepi linali la a Manijala. Linali pakhoma, pamwamba pa sikana: malisiti onse azimatidwa pa pepala lalikulu ndi selotepi kuti asakodwe m'makina. Pansi pake panali lachiwiri: mapepala onse azijambulidwa akuda ndi oyera basi, kuti asadzaze kompyuta. Mayi Mafayilo anali atawauza tsiku lomwe analipachika kuti selotepi imadya zilembo. Anamuyankha kuti iye ndi wa mafayilo, osati wa malamulo.

Anatseka fayilo, anaipanira m'khwapa, n'kulunjika ku ofesi yawo. Sikana anaidutsa pomwepo, ili chiyakire.

A Manijala anali munthu wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi, waukhondo, wa tayi tsiku lililonse. Ankamwa tiyi.

"Bwana, a Giyawani sanabe simenti."

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka. Sanabe. Taonani apa. Iyi si 3, ndi 8 wothothoka."

A Manijala sanayang'ane. "Lipoti lapangidwa ndi kompyuta. Kompyuta ilibe m'bale pano."

"Ilibenso maso. Mwaipatsa chithunzi chakuda ndi choyera. Chilichonse chotuwa imachiyesa choyera n'kuchitaya. Ndiye wakuba wanji ameneyo, woba matumba 100 ndendende maulendo anayi, osaphonyako n'limodzi lomwe? Nanga akumlatho bwanji sanadandaule? Munthu angalandire simenti yoperewera matumba 400 n'kumangoti zikomo?"

"Anagwirizana ndi wa sitolo wa kumeneko. Zimachitika."

"Afunseni."

"Mlatho unatha. Kampaniyo inapita, sikelo anazula. Tifunse mtsinje?"

"Ndiye tatsala ndi malisitiwa. Pali manambala ena awiri pakatipa, kulemera kwa lole yodzaza ndi kulemera kwa lole yopanda kanthu. Mukachotsera mupeza katundu. Kompyuta yanuyo munaiuza kuti izitola mzere wapansi wokha."

Apo a Manijala anasuzumira. "Pakatipo palibe chilichonse. Ndi pepala loyera."

"Ndi lotuwa. Ndipatseni tsiku la lero."

"Umenewo ndi umboni wa komiti, mayi. Usiyeni pano. Masana mudzautenga ndikausainira."

Anausiya. Pambuyo pake ankati akakumbukira, ankadziluma mlomo. Iye amene ankadziwa kuti lisiti lotha umayamba walijambula usanachite china chilichonse, usanalankhule n'komwe, anathamangira kukakangana.

Panadutsa mwina theka la ola. Ankalandira mapepala a dalaivala wina pamene anamva kafungo ka pulasitiki yotentha kakuchokera kukhonde. Anasiya dalaivalayo ali chilankhulire.

Mu ofesi ya sekilitale makina omatira pulasitiki anali atayaka. Sekilitaleyo, mayi wofatsa wa magalasi, anali ataimirira atagwira pepala lonyezimira m'manja, kukamwa kuli yasa. Pakati pa pepalalo panali chinthu chakuda bii, ngati munthu wapakapo polishi. Lachiwiri linali kale m'kachikwama kake ka pulasitiki, likudikira pakamwa pa makina.

Mayi Mafayilo analitsomphola, n'kuzula pulagi kukhoma.

"Mwatani, anzanga?"

"Abwana anati ndimate kuti umboni usaonongeke," anatero sekilitale. "Ndangolowetsa bwinobwino. Latuluka chonchi. Ine sindinalakwitse batani, Mulungu akuona."

"Simunalakwitse batani. Pepalali limalembedwa ndi moto. Mwalilemba lonse."

A Manijala anatulukira pakhomo. Anayang'ana chakudacho nthawi yaitali.

"Makinawa ali ndi vuto," anatero.

"Makina alibe vuto, bwana. Munalimata selotepi, lafufutika. Mwalijambula mosaoneka, kompyuta yanama. Lero mwaliwotcha. Munthu ali pabenchi apo ndi fulasiki yake, mkazi wake akuyesa ali pamsewu. Atatu otsalawa ndikutenga, ndi chakudachi chomwe."

"Mayi, muzidziwa polankhula."

"Ndikudziwa. Ndisainireni pano, kapena ndikawasiye m'manja mwa a Wapampando, ndiwauzenso chimene chadetsa linzawoli."

A Wapampando anali mayi wa ku ofesi yoona za antchito, amene ankatsogolera komiti. A Manijala anasaina.

Mayi Mafayilo anatseka chitseko cha chipinda chake, koma a Giyawani anawalowetsa, n'kuwakhazika pa mpando wa pakona.

"Musagwire kanthu. Manja anuwo ndi a girisi."

"Ndasamba ndi sopo kawiri."

"Musagwirebe."

Anatulutsa mapepala atatuwo m'timatumba ta pulasitiki. Selotepi sanaimatule, chifukwa ikamamatuka imanyamula khungu la pepala pamodzi ndi zotsalira zonse. Anasintha sikana kuti ijambule mitundu yonse, mwatsatanetsatane kwambiri, osadzikonzera yokha kuwala. Anaika pepala lililonse pagalasi, osati m'kamwa mwa sikana mokoka mapepala. Chithunzi chimodzi chinkatenga nthawi imene masiku onse ankajambulira fayilo yathunthu. Zithunzi zoyambazo anazisunga padera osazikhudza, n'kumagwirira ntchito pa makope.

Pa lisiti loyamba anadetsa chithunzi pang'onopang'ono, akuwonjezera kusiyana kwa chotuwa ndi choyera. Panayamba kuoneka timizere. Zilembo zothazo zinali zitasiya kachikasu kofowoka, ndiye anasankha kuona chithunzicho m'mbali ya buluu yokha, momwe chachikasu chimaoneka chakuda. Manambala anatuluka ngati nyerere zikutuluka m'dzenje.

"Bwerani muwerenge nokha, ndisakuuzeni."

A Giyawani anaweramira pa kompyuta, manja ali kumbuyo. "Folo, thuu, filii, sikisi, ziro. Pansipa wani, folo, filii, thuu, ziro. Imeneyo ndi lole yanga. Ikakhala yopanda kanthu imasewera pa folotini pomwepo."

Lole yodzaza 42,360. Yopanda kanthu 14,320. Mayi Mafayilo anachotsera pa kapepala: 28,040. Lipoti la kompyuta linkati 23,040.

"Ndiye andilande makiyi chifukwa cha kamimba ka eyiti?" A Giyawani anakhala pansi, n'kuimiriranso. "Kamimba ka eyiti! Ine ndakana mabwana angati pamsewu ofuna ndiwagulitse dizilo? Ana anga aphunzira ndi nsapato zong'ambika lole ya simenti ikugona pakhomo panga!"

"Khalani pansi, atsala awiri."

Lisiti lachiwiri linakana. Nambala yapamwamba inaoneka, yapansi inangokhala utsi. Anayesa kuliunika ndi tochi ya foni chapambali, m'chipinda mutatsekedwa makatani, chifukwa nthawi zina potenthedwa paja pamanyezimira mosiyana ndi pepala lonse. Palibe. Ndiye anapita kwa kashiya kukabwereka katochi kake kounikira ndalama zachinyengo.

"Mwayamba kusindikiza zanu kuchipinda kwanuko?" anafunsa kashiya.

"Ndikayamba mudzaona ndasiya kuvala nsapato izi."

Pansi pa kuwala kwa katochiko pepala linawala mwabuluu, ndipo pamene panali zilembo panatsala timithunzi todera. Anapempha a Giyawani agwire tochi, iye n'kujambula ndi foni kasanu, atatsamiritsa chigongono patebulo. Pa chithunzi chachitatu zonse zinaoneka: 42,290 ndi 14,280. Katundu 28,010.

Lisiti lachitatu ndiye linali loyera ngati silinalembedwepo. Linali lakumapeto m'fayilo, ndipo a Giyawani anavomera kuti limenelo linakhala sabata ziwiri pa dashibodi, padzuwa, asanalipereke.

"Apa nanunso muli ndi mlandu."

"Ndani anatiuza? Amangoti bweretsani malisiti."

Sikana sinaonetse kanthu pakatipo. Katochi kanangoonetsa mawanga. Mayi Mafayilo anati njira yatsala imodzi, koma yosabwereza. Lisiti lotha ukalifunditsa pang'ono chakumbuyo, pepala lonse limayamba kudera, ndipo nthawi zina pamene panali zilembo pamatsalira potuwa, n'kuwerengeka. Nthawi zina sizitero. Ukapitiriza pang'ono chabe limada lonse, ngati lija la kwa sekilitale.

"Ndipo sindingachite ndekha muno. Adzati ndalembapo. Zikachitikire pamaso pawo."

Ataweruka anadzera ku saluni ya mng'ono wake, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Mng'onoyo ankaluka munthu, chipeso chili kukamwa.

"Ndibwereke dilaya."

Mng'onoyo anachotsa chipeso. "Inu akulu? Tsitsi lake liti? Kapena mwapeza bambo?"

"Ndikufuna kuumitsa lisiti."

"Mwamva, amayi?" anatero kwa wolukidwayo. "Ofesi imapengetsa. Awa anali anzeru kwathu konse."

"Uli ndi malisiti akale?"

Anali nawo m'kabati, odzaza chitini, a mafuta a tsitsi ndi mashampu. Mayi Mafayilo anasankha otha kwambiri n'kukhala pakona. Loyamba analiyandikiza kwambiri, linada nthawi yomweyo. Lachiwiri linada mbali imodzi. Pofika lachisanu ndi chimodzi anali atapeza mtunda wake: moto wochepa, dilaya italikire ngati chikhatho ndi theka, dzanja lisaime malo amodzi, ndipo pepala likangoyamba kusintha, chotsa. Pa malisiti khumi, asanu ndi limodzi anawerengeka. Anayi sanatero.

"Mawa masana ibwere," anatero mng'ono wake. "Ndili ndi akwati awiri Loweruka. Mukaiwotcha mugula."

Lachisanu komiti inakhala m'chipinda cha misonkhano. A Wapampando anakhala kumutu kwa tebulo, mayi wonenepa wosaseka wamba. A Manijala anakhala kudzanja lawo lamanja ndi lipoti lawo. A Giyawani anavala jekete ya kutchalitchi. Mayi Mafayilo analowa ndi fayilo, lezala ndi dilaya yapinki.

"Kuno si ku ukwati, mayi," anatero a Manijala.

"Kulibe wokwatiwa, bwana. Ndikudziwa."

Anayamba ndi awiri aja. Pa lililonse anaika patebulo zinthu zitatu: lisiti lenileni, chithunzi chosakhudzidwa, ndi chithunzi chokonzedwa, kunsi kwake atalemba zimene anachita. A Wapampando anachotsera okha pa foni yawo, kawiri.

"Zithunzi za pa kompyuta munthu akhoza kuzikonza mmene akufunira," anatero a Manijala.

"Dzulo munati kompyuta ilibe m'bale," anatero Mayi Mafayilo. "Katochi ndi aka. Tsekani makatani muone ndi maso anu."

Anatseka. A Wapampando anaweramira pa lisiti lachiwiri mpaka magalasi kutsetsereka. Anawerenga mokweza manambala onse khumi. A Manijala anati iwo maso awo amavutika ndi kuwala kotero, sakuona bwino.

"Lachitatu?" anafunsa a Wapampando.

Mayi Mafayilo anafotokoza za dilaya, osabisa kanthu. Anati zithunzi za mmene lilili panopa wazisunga, koma lisitilo likada lada. Anati dzulo pa khumi anayi anakanika.

"Lisiti ndi la kampani, koma khosi ndi lanu, bambo," anatero a Wapampando. "Mukuti bwanji?"

A Giyawani anayang'ana kapepala koyerako. "Likakhala chonchi akuti ndinaba. Likada adzatinso ndinaba. Liwotcheni, chemwali. Koma mwaulemu."

Anadula selotepi ndi lezala motsatira m'mphepete mwa lisiti, kuti lichoke pa pepala lalikulu popanda kumatula kanthu pankhope pake. Anapempha a Wapampando kuti ajambule kanema pa foni yawo kuyambira poyamba. Anapanira lisiti kumutu ndi kachitsulo kopanira mapepala, nkhope yake kuloza kwa a komiti, iye n'kuima chapambali kuti aziona mbali zonse. Anayatsa dilaya.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kapepalako kankangovina mumphepo. A Manijala anayang'ana wotchi. Dzanja la Mayi Mafayilo linkapita uku ndi uku. Kenaka m'mphepete munayamba kutuwa ngati phulusa, phulusalo n'kumalowera pakati.

"Apo!" anatero a Wapampando.

Anazimitsa. Pa phulusapo panali manambala oyera, owonda, ngati olembedwa ndi nsonga ya singano. Anawajambula msanga, kanayi, asanapume n'komwe.

Mzere wapamwamba unali 42,410. Wapansi unayamba bwino, 14,3, kenaka panali banga, kenaka ziro.

"Ameneyo ndi faifi," anatero a Giyawani. "Ndikumuona. Faifi ameneyo."

"Sindikumuona," anatero Mayi Mafayilo.

"Chemwali!"

"Sindilemba chimene sindikuona, achimwene. Zongoganizirazo ndi zimene zakufikitsani pano." Analemba 14,3 n'kusiya mpata, n'kulemba ziro. "Amayi, ikanipo nambala iliyonse imene mukufuna pampatapo. Ikani naini, yowapweteka kwambiri."

A Wapampando anaika naini. Katundu anatuluka 28,020.

Anaika foni yawo patebulo. Kunja folokolifiti yonyamula katundu inkalira ikubwerera m'mbuyo.

"Chabwino," anatero a Manijala, akusanja mapepala awo. "Maulendo atatu tawachotsa. Koma wachinayi ulipo. Lipoti likuti 23,030, ndipo palibe chotsutsa."

Mayi Mafayilo anatsekula fayilo. Anatulutsa pepala lonyezimira lija n'kuliika pakati pa tebulo, chakudacho chili m'mwamba.

"Chotsutsa ndi ichi. Chinali ndi manambala dzulo m'mawa."

"Chinatani?" anafunsa a Wapampando.

"Afunseni amene analamula kuti chimatidwe."

A Wapampando anatembenuka. A Manijala anati cholinga chinali kuteteza umboni, ndipo palibe amene anawauza kuti pepalalo limatero.

"Za selotepi ndinakuuzani," anatero Mayi Mafayilo. "Za kujambula ndinakuuzani. Izi simunandifunse. Lipoti lomwelo lanama katatu pa malo amodzimodzi, nambala imodzimodzi. Kachinayi likhala loona chifukwa mwawotcha lisiti? Limeneli sindingalitulutse ndi dilaya kapena ndi pemphero. Ndalemba kuti silikuwerengeka, ndalembanso chifukwa chake."

A Wapampando analemba nthawi yaitali. Atamaliza anawerenga: pa maulendo atatu katundu anafika yense, pa ulendo wachinayi palibe umboni woti anaperewera, a dalaivala abwerere pa ntchito lero. Anawonjezera kuti malipoti ena onse ochokera ku malisiti otha aimitsidwe kaye mpaka munthu awaone ndi maso. Mawu oti pepani munalibe.

"Palibe umboni," anabwereza a Giyawani. "Ndiye kuti mwina ndinaba, koma simunandigwire."

"Ndi mmene timalembera, bambo."

A Manijala anapisa m'thumba n'kukankhira makiyi patebulo. Anatsetsereka mpaka pafupi ndi dzanja la a Giyawani. Iwo sanawagwire.

"Si pano munanditengera."

"Bambo, nkhani yatha."

"Munanditengera pabwalo, bwana. Okweza katundu analipo, mlonda analipo, mayi wogulitsa nthochi pageti analipo. Dzulo mwana wa mlongo wanga wandiimbira foni kundifunsa ngati ndili m'selo. Muno muli anthu anayi. Kunjako adziwa bwanji?"

A Manijala anayang'ana a Wapampando. A Wapampando ankatseka cholembera chawo.

"Pabwalo si patali," anatero.

Mayi Mafayilo sanatsike nawo. Anaima pa zenera la kukhonde, akukulunga chingwe cha dilaya. Anaona a Giyawani akuyenda patsogolo, pang'onopang'ono ngati lole yawo, a Manijala akubwera m'mbuyo atagwira makiyi. Anakaima pafupi ndi lole. Okweza katundu anasiya matumba. A Giyawani anakodola mlonda kuti nayenso abwere, ndipo anadikira mpaka atafika. Zimene a Manijala ananena sizinamveke kumtundako. Zinali zazifupi. A Giyawani anaika dzanja kukhutu, ngati munthu wosamva, ndipo a Manijala ananenanso. Wina mwa okweza katundu anaimba likhweru.

Atabwerera m'chipinda chake anayang'ana malamulo awiri aja pakhoma. Anakwera pampando n'kuwachotsa. Anali omatidwa ndi selotepi, ndipo anachoka ndi penti yomwe. Kenaka anayang'ana mashelefu, kuyambira pansi mpaka kumalata, mafayilo a madalaivala khumi ndi asanu ndi anayi, onse omatidwa mofanana. Anatukwana chapansipansi, anatsitsa yoyamba, n'kuyatsa sikana.

Chakumadzulo, atabwera kokabweza dilaya, anapeza a Giyawani pakhomo, jekete ya kutchalitchi ili paphewa, fulasiki kudzanja. Anali atapita ulendo umodzi waufupi. Anagwira lisiti latsopano m'mphepete ndi zala ziwiri, ngati chinthu chotentha.

"Lijambuleni ndikuona."

Analijambula, mitundu yonse, n'kusindikiza makope awiri pa pepala wamba. Limodzi anaika m'fayilo pamodzi ndi lisitilo, m'envulopu ya pepala. Linalo a Giyawani analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

"Akunyumba muwauza?"

"Ndiwauza. Andikalipira kuti ndinamwa tiyi wawo masiku awiri pabenchi." Anavala chipewa. "Koma uja anali faifi, chemwali."

"Mwina. Sindinamuone."